Bimu ya khonde ku Mchengautuwa: zitsulo zinadulidwa pakati, tilumikize pati?

Bambo a Tada: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni maganizo tisanathire konkire Loweruka. Ndikumanga kashopu ku Mchengautuwa, kutsogolo kuli khonde la silabu. Zipilala ndi zitatu, mamilimita 230 kwa 230, zotalikirana mamita 3.6, ndipo pamwamba pake pakuyenda bimu imodzi ya 230 kwa 300. Yonse kutalika kwake ndi mamita 7.4 ndi pang'ono. Pulani ikuti pansi pa bimu Y16 zitatu, ndiye kuti zitsulo zonenepa mamilimita 16, pamwamba Y12 ziwiri, kenako Y16 ziwiri zazifupi pamwamba pa chipilala chapakati. Vuto ndi lakuti tsiku logula zitsulo galimoto inali yaing'ono, ndiye ndinauza anyamata a pa hadiweya kuti azidule pakati. Zonse zili mamita 6. Mmisiri wayala za mamita 6 kuchokera kumapeto kumodzi, nkuwonjezera tizidutswa kuti zifike kumapeto kwinako. Polumikizapo zadutsana masentimita 30. Mtima wanga sukukhazikika koma sindikudziwa chomufunsa.

Mavuto: Musadandaule bwana, ring'i bimu timalumikiza paliponse. Yanga ku Chibanja ndinalumikiza ngakhale ndi Y10 zotsala, chaka chachisanu ndi chimodzi chino palibe mng'alu.

Thoko: A Mavuto, yanuyo yagona pa khoma kuchokera uku mpaka uko, khoma ndi lomwe likunyamula. Iyi ili m'malere, pansi pake pazidzadutsa anthu. Si nkhani imodzi. Bambo a Tada, tumizani chithunzi cha polumikizapo, muyikepo thepi. Mutiyezerenso kuchokera polumikizapo kukafika pa chipilala chakumapeto.

Bambo a Tada: Chithunzi ndi icho. Kukafika pa chipilala chakumapeto ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Zonse zitatu zapansi zalumikizidwa pamalo amodzi, zapamwambanso pomwepo.

Gogo Kapitawo: Mwana wanga, akanati achite kusankha malo oipitsitsa pa bimu yonseyo, akanasankha pomwepo. Tenga thabwa lalitali uliyike pa miyala itatu, uyike ana awiri, wina pakati pa mwala woyamba ndi wachiwiri, wina pakati pa wachiwiri ndi wachitatu. Pomwe pakhala anawo thabwa limapindikira pansi, ndipo mbali yomwe ikukokeka ndi yapansi. Koma pamwala wapakati thabwa limachita linunda, pokokeka ndi pamwamba. Nzimbe ukaithyola pa bondo imayamba kung'ambika kunja, osati mbali yomwe yagunda bondo. Konkire ndi yolimba ukaipanikiza, ukaikoka ndi yofooka, ndiye chitsulo timachiyika kuti chigwire ntchito yokokayo. Pa bimu yokhala pa zipilala zitatu, kukoka kwapansi kumakula kwambiri osati pakati penipeni, koma kusunthirako pang'ono ku chipilala chakumapeto. Pa mamita 3.6 ndiye kuti pafupifupi mita 1.35 kuchokera kumapeto. Iwe wayeza mita imodzi ndi theka. Waona?

Bambo a Tada: Iii agogo, ndiye kuti zonse zimasulidwe?

Gogo Kapitawo: Ayi, apa nkuti useke. Zapamwambazo wachita bwino mosadziwa. Pamalo amenewo pamwamba pa bimu sipakokeka, pakupanikizika, ndiye Y12 zapamwamba kulumikizira pamenepo ndi kwabwino. Angotalikitsa podutsanapo. Zapansi ndi zomwe zichoke. Mwambo wake ndi uwu: zapansi lumikizira pa chipilala, zapamwamba lumikizira pakati pa mpata. Akanalumikiza zapamwamba pa chipilala chapakati, ndikanakuwanso chimodzimodzi.

Jemusi Weluda: Koma masentimita 30 si olakwika. Ndinagwirapo ntchito pa sayiti ina yaikulu, kalaliki wa ntchito ankanena kuti buku limati lapu, kudutsana kwa zitsulo polumikizapo, isachepere mamilimita 300. Ndiye mmisiriyu wakwanitsa zomwe buku likufuna.

Thoko: A Jemusi, 300 munamvayo ilipodi. Mu BS 8110, buku la malamulo omangira ndi konkire, muli mawu oti lapu isachepere kunenepa kwa chitsulo kuchulukitsa ka 15, kapena mamilimita 300, kutengera chomwe chakula. Koma umenewo ndi mzere wa pansi penipeni, woti ngakhale chitsulo chikungogona osagwira ntchito musatsike kupitirira apo. Chitsulo chomwe chikukokedwa ndi mphamvu zake zonse chimafuna zambiri. Buku lomwelo, pa chitsulo chamizeremizere mu konkire ya giredi 25, limayambira pa ka 40, ndipo limawonjezera ngati konkire yophimba ndi yochepa kapena malapu athinana. Nchifukwa chake pa masayiti athu ang'onoang'ono timangoti ka 50. Y12 ndi masentimita 60. Y16 ndi masentimita 80. Pa Y16 masentimita 30 sanafike ngakhale theka.

Bambo a Tada: Mmisiri akuti amanga ndi waya wambiri mothinitsa, sizingasolotoke.

Thoko: Waya sanyamula kanthu bambo. Ntchito yake imatha tsiku lothira konkire, ndi yongogwira zitsulo kuti zisasunthe. Zitsulo ziwirizo sizipatsirana mphamvu mwachindunji. Choyamba chimaluma konkire ndi timizere take tija, konkireyo nkuluma chachiwiri. Podutsana pakafupika, timizere timachepa, ndiye katundu yense amagwera pa kachigawo kakang'ono ka konkire. Konkireyo imang'ambika motsata chitsulo, chitsulo nkusolotoka. Choopsa chake nchakuti bimu ya chitsulo chathunthu ikalemedwa imayamba kugwada, ming'alu nkuoneka, anthu nkuthawa. Ya lapu yaifupi simapereka nthawi yotere.

Jemusi Weluda: Ndiye bwanji osangowotcherera? Ndibwere ndi makina mawa, theka la ola ndathana nazo. Simutaya chitsulo ngakhale chimodzi.

Gogo Kapitawo: Jemusi, mageti ako ndimawadziwa ndi abwino. Koma chitsulo cha bimu si geti. Zitsulo zina zimawotchereka bwinobwino, zina moto umazisiya zouma pamalopo moti zimathyoka ngati bisiketi, ndipo pongoyang'ana sungasiyanitse. Mwini shopuyu alibe pepala lonena mtundu wa chitsulo chomwe anagula. Kuwotcherera kumaloledwa, sindikukana, koma injiniya ndi amene amanena kutalika kwa msoko ndi mtundu wa ndodo, ndipo wina amabwera kudzauyang'ana. Za kudonthetsa timadontho titatu pa lapu ya masentimita 30 ayi.

Jemusi Weluda: Timadontho titatu ndani wanena agogo? Ine msoko wanga umayenda wonse mbali zonse. Koma chabwino, ndalama ndi zawo.

Bambo a Tada: Ndiye ngati zapansi zilumikizidwe pa chipilala chapakati, ndidula bwanji?

Thoko: Kuchokera kumapeto kwa bimu kukafika pakati pa chipilala chapakati ndi pafupifupi mamita 3.7. Wonjezerani masentimita 40 odutsa mbali inayo, ndi ena 20 a ngowe yopindira m'mwamba kumapeto. Chilichonse chikhala mamita 4.3, ndipo zikufunika zisanu ndi chimodzi, zitatu uku zitatu uko. Pa chitsulo cha mamita 6 chilichonse mutsala ndi mita 1.7. Koma pali msampha pamenepo, agogo anene okha chifukwa awa anaziona ndi maso.

Gogo Kapitawo: Msampha wake ndi malo. Pa chipilala chapakati pakumana zitsulo za bimu ndi za chipilala. Y12 zinayi za chipilala zikukwera m'makona, ndipo za bimu ziyenera kudutsa mkati mwake. Werengera. Pa 230 chotsa konkire yophimba 30 uku 30 uko, patsala 170. Chotsa ring'i ya 8, kachitsulo kozungulira zitsulo zazikuluzo, mbali ziwiri, 154. Chotsa Y12 ziwiri za chipilala, 130. Tsopano ukagoneka Y16 zitatu ndi zinzake zitatu pambali pake, zadya 96. Patsala 34 wogawa pa mipata iwiri, 17 uliwonse. Mwala wa kwale womwe ukugula ndi wa 19 kapena 20. Ulowa bwanji? Umakhala pamwamba ngati chimanga pa sefa, pansi nkungotsika madzi a simenti. Pochotsa matabwa umapeza chisa cha njuchi pamalo pomwe bimu yakhalira pa chipilala. Ukalumikizira pamenepo, zitsulo zisanjikizane, china pamwamba pa chinzake, osati pambali. Zikatero mipata imatsala ya 41, mwala umadutsa ndipo ndodo yosinjira imalowa.

Injiniya Chikondi: Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Ndikugwirizana ndi agogo pa zambiri, koma pa kulumikizira mkati mwa mfundo ya bimu ndi chipilala ndili ndi mawu. Pa katundu wongokhala, wa silabu ndi denga, nzoona pansi pamenepo sipakokeka. Koma tili m'dera la zivomezi, aliyense akukumbukira za ku Karonga mu Disembala 2009. Nyumba ikamagwedezekera uku ndi uko, pansi pa bimu pafupi ndi chipilala pamakokeka kenako nkupanikizika mosinthana. Malamulo omangira m'madera a zivomezi safuna lapu mkati mwa mfundo kapena pafupi penipeni nayo. Pa khonde la nyumba yopanda chipinda chapamwamba ambiri amalumikizirabe pamenepo, ndipo sindinganene kuti igwa. Koma ine ndikanakhala mwini, ndikanagula Y16 zitatu zathunthu za mamita 12, nkudulitsa pa mamita 7.8. Zimenezo zikuyenda bimu yonse ndi ngowe zake popanda lapu ngakhale imodzi. Zotsala za mamita 4.2 muchotsapo zazifupi zija za pamwamba pa chipilala chapakati.

Gogo Kapitawo: Chikondi, ndalumikizira pa chipilala zaka zoposa makumi atatu, kuyambira iwe usanabadwe, ndipo mapulani a mainjiniya anzako ndi amene ankandiuza kutero. Koma za chitsulo chathunthu sinditsutsa. Popanda lapu palibe mkangano.

Injiniya Chikondi: Mapulani ambiri amajambulidwa poganizira kulemera kokha agogo, ndi pomwe pali nkhani yangayo. Tidzaikambe tsiku lina pa tiyi.

Bambo a Tada: Ndamuuza mmisiri za kugula Y16 zina. Akuti musataye ndalama, pali Y12 zathunthu zomwe zinabwera pa ulendo wachiwiri, tiyike zisanu m'malo mwa Y16 zitatu, mphamvu ndi yomweyo.

Mavuto: Zisanu zikuposa zitatu, apo palibe nkhani.

Thoko: Sitiwerenga mitu a Mavuto, timayang'ana kukula kwa chitsulo ukachidula pakati. Y16 imodzi ndi pafupifupi masikweya milimita 201, zitatu 603. Y12 imodzi ndi 113, zisanu 565. Zatsalira, ngakhale osati kwambiri. Kuti zikwane zikufunika zisanu ndi chimodzi. Ndipo ngakhale zisanuzo malo mulibe. Mkati mwa ring'i muli 154, Y12 zisanu zadya 60, patsala 94 pa mipata inayi, uliwonse sukufika 24. Mpata pakati pa zitsulo umafunika kuposa mwala wanu waukulu ndi mamilimita 5, ndiye pa mwala wa 20 ndi 25. Pa chipilala, pomwe malo ndi 130 okha, zifinyikana kuposa apo. Kusintha zitsulo kumatheka, nthawi zina pochita mizere iwiri, koma wosintha ndi amene anajambula pulani, osati pa sayiti.

Mayi a Pemphero: Pepani ndilowerere ndi yanga. Kwathu ku Chibavi pamwamba pa zenera la kuchipinda pagwa chibenthu cha simenti, zitsulo zikuoneka zofiira. Nyumba yangotha zaka zisanu ndi zitatu. Kodi ndi lapu yomweyi? Mwamuna wanga akuti tingopaka pulasitala.

Gogo Kapitawo: Imeneyo si lapu mayi, ndi konkire yophimba yomwe inachepa. Yezani kunenepa kwa chibenthu chagwacho.

Mayi a Pemphero: Nchopyapyala, ngati chala chaching'ono cha mwana. Mzere wa dzimbiri ukuoneka kumbuyo kwake.

Gogo Kapitawo: Ndiye kuti chitsulo chinagona pafupifupi pa thabwa pothira. Simenti ili ndi laimu amene amateteza chitsulo ku dzimbiri, koma mpweya ndi chinyontho zimadya chitetezocho pang'onopang'ono kuchokera kunja kulowa mkati. Konkire ikakhala yochindikala ndi yothinana zimatenga zaka zambirimbiri. Ikakhala ya chala cha mwana, ndi mvula ya kuno yomwe imagwa mpaka Epulo, kuwonjezapo mawawa a m'nyengo yozizira, sizichedwa. Dzimbiri limatupa kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye limakankha konkire mpaka kuibenthula. Musapake pamwamba pa dzimbiri. Gogodani ndi hamala yaing'ono, paliponse polira ngati ng'oma pagwetsedwe, mpaka mupeze chitsulo choyera mbali zonse ziwiri ndi kumbuyo kwake komwe. Chikwecheni ndi bulashi ya waya. Ngati chadyeka moti chaonda, itanani wodziwa adzaone musanatseke.

Bambo a Tada: Nkhani ya amayiyi yandichititsa kupita kukayeza maring'i a zipilala. Ndi 200 kwa 200. Pulani ikuti `cover 30`. Ndiye kuti?

Thoko: Ndiye kuti mwatsala ndi mamilimita 15 mbali iliyonse, theka la zomwe pulani ikufuna. Ndipo bokosi likapendekeka pang'ono, mbali ina ring'i igunda thabwa. Amisiri ambiri amalakwitsa poyezera pa chitsulo chachikulu. Kuphimba kumayezedwa kuchokera kunja kwa ring'i, chifukwa ring'i ndi imene ili pafupi ndi mvula. Ring'i ya chipilala chanu ikhale 170 kwa 170 kunja kwake. Ya bimu 170 kwa 240. Mwayeza a bimu?

Bambo a Tada: A bimu ndi 200 kwa 270. Onse akhota kale, mulu wonse.

Mavuto: Koma pulasitala idzawonjezera masentimita awiri. 15 ndi 20 ndi 35, mwapitirira kale 30.

Injiniya Chikondi: Pulasitala sitiiwerengera a Mavuto. Ndi ya mchenga wambiri, imamwa madzi, imang'ambika, ndipo imatha kusiyana ndi konkire. Funsani Mayi a Pemphero ngati zenera lawo linalibe pulasitala. Komanso konkire yophimbayo si ya dzimbiri lokha. Ndi imene imagwira lapu kuti isang'ambike, ndipo moto ukabuka mu shopu ndi imene imachedwetsa chitsulo kufewa.

Mayi a Pemphero: Inalipo, ndi penti yomwe.

Jemusi Weluda: Nanga osangokulitsa bokosi kufika 260, maring'i akhale omwewo? Matabwa ndi otchipa kuno kuposa chitsulo.

Thoko: Maganizo amenewo si oipa a Jemusi, ndinaonapo zikuchitika. Koma zitengera zitsulo zomwe zatuluka pa maziko. Bambo a Tada, yezani kuchokera kunja kwa chimodzi kukafika kunja kwa chinzake, komanso zatuluka motalika bwanji.

Bambo a Tada: Kunja ndi kunja ndi masentimita 15. Kutalika zatuluka 35. Maziko anapanga mmisiri wina amene tinasiyana naye.

Thoko: Woyambayo anagwiritsa maring'i olondola a 170, nchifukwa chake mwapeza 15. Mukavala ring'i ya 200 pamenepo, zitsulo sizikhala m'makona mwake, izingolendewera ngati chibangili chachikulu pa mkono wa mwana. Ring'i imagwira ntchito chitsulo chikakhala pakona penipeni. Komanso chipilala cha 260 chituluka pa mzere wa khoma lanu la 230. Akhotenso ena. R8 pa ring'i ya 170 idulidwe pafupifupi masentimita 83, ndiye pa chitsulo cha mamita 6 mutuluka maring'i 7. Ngowe zake zipindidwe kulowa mkati mwa konkire, osati kungokhota ngati kona ya tebulo, ndipo pomanga azisinthasintha kona yomwe pali ngowe.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa ndi 35 uja. Y12 pa chipilala ikufuna osachepera masentimita 48, ndipo ife timayika 60.

Bambo a Tada: Mayo ine. Ndiye maziko ndigumule?

Gogo Kapitawo: Khazika mtima pansi. Pansi pa khonde wathira kale?

Bambo a Tada: Ayi, tangothira dothi. Tizipilala tatuluka kuchokera pansi kufika pa levulo ya khonde.

Gogo Kapitawo: Ndiye uli ndi mwayi. Fukula dothi mozungulira, mnyamata atenge tchizulo ndi hamala aswe masentimita 25 a kachipilala kalikonse kuchokera pamwamba. 35 ndi 25 ndi 60. Asamenye zitsulo, ndipo asazipinde uku ndi uku kuti apeze malo. Pamwamba pomwe waswapo pasiyidwe pokhakhala, patsukidwe fumbi lonse, panyowetsedwe musanathire. Ntchito ya tsiku limodzi pa tizipilala titatu. Anzako amazindikira atathira kale pansi, ndiye zimafuna kuboola ndi kumata zitsulo ndi guluu wapadera uja, ndalama zina.

Chinanso, zitsulo zatsopano ziyime mkati mwa zakalezo pa masentimita 60 amenewo, kenako zikhote pang'onopang'ono kubwerera m'makona. Kukhotako kukhale kogona, sentimita imodzi pa masentimita khumi aliwonse, osati kuthyola ngati chigongono.

Bambo a Tada: Maring'i pa chipilala wawatalikitsa masentimita 30. Pulani yalemba `R8-150`. Akuti enawo ndi ongodyera ndalama chifukwa chonyamula ndi zitsulo zoyimirira.

Injiniya Chikondi: Tengani waya wowongoka, muuyimike pa tebulo, muupanikize ndi dzanja. Suthyoka, umapindikira kumbali. Chitsulo cha mu chipilala chimafuna kuchita zomwezo, ndipo chomwe chimachiletsa ndi ring'i. Mu BS 8110 maring'i a chipilala asatalikirane kupitirira kunenepa kwa chitsulo kuchulukitsa ka 12. Pa Y12 ndi 144, nchifukwa chake mumaona 150 pa mapulani ambiri. Pa lapu ndi pansi pa bimu, pafupifupi theka la mita, ine ndimathinitsa kufika 100. Ndipo maring'i asathere pansi pa bimu, awiri kapena atatu alowe mkati mwa mfundo momwe. Ndi ovuta kuvala pamenepo, amisiri amawadumpha, koma zithunzi za nyumba zogwa ndi zivomezi zimaonetsa pamenepo pataphulika. Chipilala chanu chidya maring'i opitirira 20, osati 10.

Thoko: Pa bimu naponso. Kuchokera pamwamba kukafika pakati pa Y16 ndi pafupifupi 254, ndipo maring'i asapitirire magawo atatu mwa anayi a muyeso umenewo, ndiye kuti 190. Ming'alu ya pafupi ndi chipilala imayenda mopendekeka, ring'i ikatalikira mng'alu umadutsa pakati osakumana ndi chitsulo. Tsatirani zomwe pulani yalemba, ndipo yoyamba ikhale masentimita 5 kuchokera pa chipilala.

Mavuto: Inu mukuchita ngati akumanga mlatho wa pa Lunyangwa. Ndi khonde ili.

Mayi a Pemphero: Langanso linali zenera chabe a Mavuto.

Bambo a Tada: Funso lomaliza lero. Kuti 30 ameneyu asasunthe pothira, ndiyike chiyani? Mmisiri amatsamiritsa ndi tizidutswa ta njerwa, nthawi zina amangonyamula zitsulo ndi dzanja konkire ikulowa.

Gogo Kapitawo: Njerwa imamwa madzi, ikhala ngati msewu wa chinyontho kukafika pa chitsulo. Thabwa limaola. Kunyamula ndi dzanja ndi bodza, wina akaponda zabwerera pansi. Umba timabisiketi. Khoma timatabwa tiwiri tokwera mamilimita 30 pa thabwa losalala, thira matope a simenti imodzi mchenga ziwiri, salaza, dula timabokosi ta masentimita 4 kapena 5 asanaume, ubaye kawaya kopindika pakati pa kalikonse. Uzithirira madzi. Ukaumba lero, patatha masiku anayi kapena asanu tagwira, koma sabata ndi yabwino. Timange pa ring'i, pansi ndi m'mbali, pafupifupi masentimita 60 aliwonse, pa chipilala mbali zonse zinayi. Michira ya waya womangira ipindidwire mkati, chifukwa kamchira kogunda thabwa ndi komwe kamayambitsa kadontho kofiira pa penti.

Jemusi Weluda: Ine ndikanayika 50 paliponse kuti dzimbiri liiwalike.

Thoko: 50 ndi wa pansi pa nthaka a Jemusi. Pa bimu ya 300 mukakweza chitsulo ndi mamilimita 20 mwaichotsera mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi ndi awiri, ndipo mkati malo a zitsulo achepa. Pulani yati 30, ikhale 30.

Bambo a Tada: Loweruka sitithira. Ndaimbira amene anajambula pulani, abwera Lachiwiri.

Bambo a Tada: Mwadzuka bwanji. Kubweza mawu. Wojambula anabwera, wavomera Y16 zathunthu, wakana Y12 zisanu. Pa za lapu pa chipilala chapakati anati iye akanalola, ndiye agogo ndi a Chikondi mupitirize nokha. Zitsulo tinanyamula pa lole ya mchenga, zodula pa 7.8. Tizipilala taswedwa. Pa kamodzi tapeza kuti chitsulo chimodzi chinali chitapendekera kunja, chatsala pang'ono kuoneka, ndiye taswa mpaka masentimita 40 kuti chibwerere mogona. Mmisiri sakundiyankhula bwino, akuti maring'i atsopano ndimulipire padera.

Gogo Kapitawo: Pulani anali nayo m'manja pokhota oyambawo?

Bambo a Tada: Inali kunyumba kwanga mu kabati, ndinkaopa kuti inyowa. Ndinangomuwerengera pa foni kuchuluka kwa zitsulo.

Gogo Kapitawo: Ndiye mugawane pakati. Ndipo kajambulitse ina ikhale pa sayiti mu pulasitiki.

Thoko: Musanatseke bokosi tumizani zithunzi zitatu: thepi pa lapu ya chipilala, thepi pakati pa ring'i ndi thabwa, ndi kuyang'ana kuchokera pamwamba pa mfundo yapakati kuti tione ngati mwala udutsa. Ponyani mwala umodzi waukulu wa pa mulu wanu pamenepo, ukakakamira tiuzeni.

Jemusi Weluda: Y16 za mamita 6 zotsalazo ndi maring'i a 200 musataye bwana, ndili ndi kasitomala wa mabagalaba ku Luwinga. Tikambirane mtengo kumbali.

Mayi a Pemphero: Agogo, tagogoda monga munanenera. Polira ngati ng'oma pafika mpaka pa zenera lachiwiri, ndipo chitsulo chimodzi chaonda ngati msomali. Ndi ndani angabwere ku Chibavi mawa m'mawa?